Kupeza makalori a mbale imodzi ya nandolo

"Ndaphika nandolo wodzadza poto kuno ku Luchenza. Ndidziwa bwanji makalori ndi mapuloteni a mbale imodzi?"

Mukhale ndi sikelo ya kukhitchini ndi pepala. Kuyeza kumayamba musanasonkhe moto.

1. Yezani poto wopanda kanthu, mulembe.
2. Yezani chilichonse chisanaphikidwe. Nandolo wouma magalamu 500 ali ndi makalori pafupifupi 1,715 ndi mapuloteni magalamu 108. Mafuta ophikira magalamu 50 ndi makalori 440. Musathire mongoyerekeza ndi maso. Tomato ndi anyezi tingoti makalori 45. Zonse pamodzi ndi 2,200.
3. Akapsa, yezani poto ndi ndiwo zake, muchotsere kulemera kwa poto. Tinene kuti patsala magalamu 1,600.
4. Takasani bwino, chifukwa mafuta amayandama pamwamba, kenako pakulani mbale 4 za magalamu 400.
5. Gawani zonse ndi 4: mbale imodzi ndi makalori 550, mapuloteni magalamu 27.

Ambiri amalakwitsa apa: amayeza nandolo wophika, n'kuwerengera ndi manambala a wouma. Nandolo akamwa madzi amalemera, koma madzi alibe makalori. Mbale yomweyi ingaoneke ngati ili ndi 1,370. Nsima muiwerengere payokha.