Pasiwedi ndi yolondola koma Wi-Fi ikungotaya pa Authenticating

Foni ikamaima pa "Authenticating" nkutaya pomwe pasiwedi ndi yomweyo ena akugwiritsa, osathamangira kusintha pasiwedi ayi. Lowani mu rauta ndi foni yomwe ikugwira, adiresi yolowera imalembedwa pansi pa rauta, muone pa Security Mode. Ngati ili pa WPA3 yokha, yomwe ndi njira yatsopano yotetezera Wi-Fi, mafoni akale saidziwa imeneyo, ndiye amakanirira pompo. Ikani WPA2-PSK ndi AES, musevu, pa foni yokanayo dinani Forget pa dzina la Wi-Fi kenako lembaninso pasiwedi. Osaika WEP, njira yakale yosavuta kuthyola, kapena kuisiya poyera chonde, aliyense azingolowa.

Ikakanabe onani Max Clients, timarauta tating'ono tina timalola zipangizo 10 basi. Zimitsani Wi-Fi pa foni imodzi yomwe ikugwira muyesenso yokanayo, ikalowa ndiye kuti malo anadzaza, kwezani nambalayo.