Kukonza CV pofunsira udindo wokwera pantchito

CV ya kalaliki wa maakaunti wofuna ukapitawo inali masamba 4, yodzaza ndi ntchito za tsiku ndi tsiku zimene bwana amazidziwa kale. Vuto lake, osankha si bwana yekha: pamakhalanso a ofesi yolemba antchito, omwe amapereka mamalikisi potsata zofunika zolembedwa pachidziwitso. Chosalembedwa sachiwerengera.

Ndinaidula kufika masamba 2. Pansi pa udindo wapano ndinasiya mizere 3 yokha, uliwonse woyankha chofunika chimodzi. Pamene panali "kukonza malipiro" ndinalemba "kutseka malipiro a antchito 60 pasanafike pa 25 mwezi uliwonse". Ndinawonjezera miyezi imene anagwirizira ukapitawo, ndi madeti ake.

Ntchito yagulu ndinailemba kuti njagulu. Kukokomeza bwana amakugwira msanga, poti analipo.