Mmene Mungakonzekerere Imfa ya Mtengambali Wokondedwa

Alembi anzanga a kuno ku Johannesburg, makamaka inu amene mumalemba nthano za m'zigawo zimene anthu amawerenga pa foni ali m'takisi popita ku ntchito, musamafulumire kupha mtengambali amene owerenga amukonda. Munthu amene watsatira nthano kwa milungu yambiri amakhala atamuzolowera mtengambaliyo ngati mnansi, ndipo mumtima amakhala atamukonzera kale tsogolo, kaya ndi ukwati kapena ulendo wobwerera kumudzi. Akafa, chimene chimapweteka kwambiri ndi tsogolo lomwe ladukalo. Ambiri mwa owerenga athu kuno anamvapo uthenga wa maliro a kwawo pa foni osatha kupita kukaika, choncho imfa ya m'nthano imakhudza bala lomwe lilipo kale.

Taonani mmene Chinua Achebe anachitira ndi mnyamata Ikemefuna m'buku la Things Fall Apart la mu 1958. Kumayambiriro kwenikweni mlembi akutiuza kuti mwanayu ndi watsoka, kenaka akumusiya m'nyumba ya Okonkwo, mtengambali wamkulu, kwa zaka 3, akusewera ndi Nwoye, mwana wa Okonkwo, ndi kumuphunzitsa zinthu, mpaka ayamba kutchula Okonkwo kuti bambo. Imfa isanafike m'mutu 7, nkhalamba Ezeudu ikuchenjeza Okonkwo kuti asatengepo mbali pakupha mwanayo. Pa ulendo womaliza, mwanayo wasenza mtsuko wa mowa ndipo akuganiza za mayi ake ndi mlongo wake, pokhulupirira kuti akubwerera kwawo, pamene ife owerenga tikudziwa kale chimene chikumudikira. Okonkwo mwiniwake akumutema chifukwa choopa kuoneka wofooka, ndipo mantha amenewa tinawadziwa kuyambira pachiyambi.

Apa pali zoti mutengepo. Chomupha mtengambali chichokere m'khalidwe la anthu a m'nthanoyo kapena m'vuto lomwe mwalionetsa kale. Ngati nthano yanu ili ndi zigawo 30 ndipo munthuyo adzafa m'chigawo cha 24, chizindikiro choyamba chioneke chisanafike chigawo cha 10, monga chifuwa chosatha kapena ngongole ya katapila, ndipo chibwerenso kawiri chikukulirakulira. Ngozi ya galimoto yongogwa mwadzidzidzi chifukwa mlembi wasowa kolowera, ine ndimaiona ngati kubera owerenga.

Ambiri amalakwitsanso pothamangira nkhani ina mtembo usanazizire. Achebe akuonetsa Okonkwo akulephera kudya kwa masiku awiri, mnzake Obierika akumudzudzula, ndipo patsogolo pake Nwoye akusiya bambo ake n'kutsatira amishoni. Inunso perekani chigawo chathunthu kwa otsala, tione wosonkhetsa chipepeso ndi woimba foni kumudzi.

Mukatulutsa chigawocho, mvetserani zimene owerenga akunena. Akamakangana za amene wachititsa imfayo pakati pa atengambali, ndiye kuti munakonzekera bwino. Akamafunsa inuyo kuti mwamupheranji, bwererani ku zigawo zoyambirira mukaone pamene chenjezo linasowa, kuti m'nthano yotsatira muliike msanga.