Akamafunsa kambirimbiri ngati mumawakonda

"Amuna anga amachita bizinesi ya kabaza ku Chibavi. Ndikangochedwa kumsika amaimba foni kambirimbiri, madzulonso nkumafunsa ngati ndimawakondabe. Ndatopa, nditani?"

Mayi, kuyankha funso limodzimodzi kakhumi kumatonthoza mtima kwa kanthawi chabe. Nkhawa imabweranso, ndipo munthu amazolowera kufunsa.

Yambani mwakhala nawo pansi tsiku lomwe mtima wawo uli m'malo, osati pomwe akunjenjemera. Gwirizanani nthawi imodzi patsiku, mwina mukatha kudya nsima yamadzulo, mphindi 15 zokambirana nkhawa zawo. Foninso ikhale ndi nthawi yake, monga masana ndi pomwe mukuweruka.

Kenaka akafunsa, yankhani kamodzi mochokera pansi pamtima. Akabwereza, agwireni dzanja nkunena kuti, "Bambo, ndayankha kale. Ndikuona kuti nkhawa yakugwirani, ndili pompano." Musakalipe, komanso musayambirenso kulumbira.

Masiku oyamba mafunso amachuluka, musabwerere m'mbuyo. Inunso musasiye kupita kwa anzanu kapena kutchalitchi.

Ngati sakugona, sakudya, kapena asiya kutuluka ndi njinga, pitani nawo kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God konkuno ku Mzuzu akaonane ndi aphungu. Akatchula zodzipha, pitani tsiku lomwelo. Koma akayamba kukuletsani kuyenda, kufufuza foni yanu kapena kukuopsezani, imeneyo ndi nkhanza, uzani ankhoswe kapena apolisi.