Momwe mungadziwire ngati thupi likuwotcha mafuta kapena shuga mukamathamanga

Poyamba werengani kugunda kwa mtima kwanu kwapamwamba, chotsani zaka zanu pa 220. Wazaka 40 apeza 180. Ndi kuyerekeza chabe koma poyambira mpokwanira.

Kenako yambani kuyenda ndawala kapena kuthamanga pang'onopang'ono mphindi 10, mtima uzigunda pa 60 mpaka 70 peresenti ya nambala mwapezayo, kutanthauza pakati pa 108 ndi 126 pa mphindi ngati muli wazaka 40 uja. Apa mukutha kucheza bwinobwino osabanika, ndipo mphamvu zambiri zikuchokera ku mafuta. Mafuta ali ndi mphamvu zochuluka, galamu imodzi imapereka makalore 9 pomwe ya shuga imapereka 4 yokha, koma amachedwa, amayenera kuphwanyidwa kaye komwe asungidwa, ayende m'magazi, alowe m'maselo a minofu ndiye awotchedwe ndi okosijeni. Mukamayenda mofatsa nthawi ilipo, mpweyanso ulipo wokwanira, ndiye thupi silivutika kudikira.

Poyeza mtima mpamene ine panandivuta kwambiri. Ndinagula kawotchi kotchipa kamene wogulitsa ankalumbira kuti kamayeza mtima, koma ndikathamanga kankangoonetsa manambala okwera ngakhale ndikupuma bwinobwino, mpaka ndinkachepetsa liwiro popanda chifukwa. Timawotchi tambiri tapamkono tikakhala tolefuka timasokonezeka ndi kugwedezeka kwa dzanja, tina timawerenga mapazi m'malo mwa mtima. Musanakakhulupirire imani, ikani zala ziwiri pamkono pafupi ndi chala chachikulu, werengani kugunda kwa masekondi 15 muchulukitse ndi 4. Zikasiyana kwambiri ndi wotchi, khulupirirani zala. Lamba wapachifuwa amayeza bwino koma ndi wodulirapo, zala nzaulere.

Tsopano muziwonjezera liwiro pang'ono mphindi 3 zilizonse uku mukuyesa kulankhula chiganizo chathunthu. Pofika poti mawu akuduka, mukunena atatu anayi n'kupuma, dziwani kuti shuga watenga malo, kwa wazaka 40 uja nthawi zambiri mtima umakhala ukuyandikira 150. Minofu ikufuna mphamvu msanga kuposa momwe mafuta angafikire, ndiye imatembenukira kwa glaikojeni, shuga wosungidwa m'minofu momwemo, yemwe amaphwanyika mwachangu komanso amapereka mphamvu zochulukirapo pa okosijeni yemweyo. Adirenalini, homoni yomwe thupi limatulutsa mukalimbikira, naye akakwera amafulumizitsa kuphwanya glaikojeniyo. Sikuti mafuta amazimiratu nthawi imodzi ayi, gawo lake limangotsika pomwe la shuga likukwera.

Vuto lake glaikojeni ndi wochepa, pafupifupi magalamu 500 m'minofu ndi m'chiwindi, n'chifukwa chake liwiro lotere simungalisunge maola ambiri.

Lembani liwiro ndi kugunda kwa mtima pomwe mawu anadukira, mudzayesenso pakatha miyezi iwiri musanadye chakudya chambiri. Mukamachita masewera pafupipafupi mudzapeza mawu akuduka pa liwiro lokwererapo.