Momwe mungagawire phindu la pa mpamba wa eni kampani m'zigawo zitatu mwa njira ya DuPont

Phindu la pa mpamba wa eni kampani, lomwe m'malipoti a zachuma limalembedwa kuti ROE, limapezeka pogawa phindu lotsala ndi mpamba wa eniwo, koma nambala imeneyi payokha siulula komwe phindulo lachokera. Njira yomwe Donaldson Brown adayambitsa pa kampani ya DuPont ku America m'zaka za m'ma 1910 imaigawa motere:

```
ROE = (Net Income / Sales) x (Sales / Total Assets) x (Total Assets / Equity)
```

Apa Net Income ndi phindu lotsala, Sales ndi ndalama za malonda, Total Assets ndi chuma chonse, ndipo Equity ndi mpamba wa eni. Yambani potenga manambala anayiwa m'lipoti la pachaka. Tiyerekeze kuti kampani yogulitsa katundu mwachipiku yapeza K600 miliyoni pa malonda, phindu lotsala pambuyo pa msonkho ndi chiwongoladzanja ndi K30 miliyoni, chuma chake chonse ndi K200 miliyoni, ndipo mpamba wa eni ake ndi K80 miliyoni.

Gawani phindu ndi ndalama za malonda: 30 pogawa ndi 600 ndi 5 peresenti, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yogulitsa pakutsala K5. Kenako gawani ndalama za malonda ndi chuma chonse, ndipo mupeza 3, komwe ndi kuzungulira kwa chumacho pachaka. Pomaliza gawani chuma chonse ndi mpamba wa eni, zomwe zikupereka 2.5, nambalayi imakwera ngongole ikamachuluka. Mukachulukitsa zitatuzi mupeza 37.5 peresenti, ndipo yankholi liyenera kufanana ndi 30 pogawa ndi 80, apo ayi mwalakwitsa penapake.

Ntchito yeniyeni ili poyerekeza ndi chaka chapitacho. Tinene kuti chaka chimenecho malonda adali K500 miliyoni, phindu ndi chuma chonse zidali chimodzimodzi, koma mpamba udali K100 miliyoni. Zigawo zake ndi 6 peresenti, 2.5 ndi 2, zomwe zikupereka 30 peresenti. Wongoona kukwera kuchoka pa 30 kufika pa 37.5 angaganize kuti bizinesi yayenda bwino, pamene zigawo ziwiri zoyambazo, mukazichulukitsa, zikupereka 15 peresenti m'zaka zonse ziwiri. Kampaniyo yagulitsa zambiri, komabe kuchepa kwa phindu pa K100 iliyonse kwadya zonsezo, ndipo kukwera konseko kwabwera chifukwa eni adachotsa ndalama, ngongole, yomwe ndi chuma chonse kuchotsapo mpamba wa eni, n'kukwera kuchoka pa K100 miliyoni kufika pa K120 miliyoni. Kukwera kotere nkosadalirika, chifukwa chiwongoladzanja chikakwera chidzachepetsa chigawo choyambacho.

Ngati chuma kapena mpamba zasintha kwambiri m'kati mwa chaka, phatikizani nambala ya kumayambiriro ndi ya kumapeto n'kugawa pawiri, ndipo muchite chimodzimodzi pa zonse ziwiri. Samalaninso pa nthawi yomwe mitengo ikukwera msanga, chifukwa nyumba ndi makina olembedwa pa mtengo wakale zimachititsa kuzungulira kwa chuma kuoneka kwakukulu kuposa momwe kulili. Poyerekeza makampani, sankhani a ntchito yofanana, popeza banki, yomwe ndalama zosungitsa za makasitomala zimawerengedwa ngati ngongole, imakhala ndi chigawo chachitatu chokwera kwambiri kuposa cha sitolo.