Mizu yobwerezabwereza pogawa fulakishoni mu Lapulasi

Pa mayeso a seketi, ophunzira kuno ku Mangochi amapeza yankho la f(t) losagwirizana ndi zomwe seketi imachita. Chitsanzo chake ndi ichi:

F(s) = (s+3) / [s(s+1)²]

Poyamba tinalemba A/s + B/(s+1)² basi. Zinakanika, chifukwa pochulukitsa mbali zonse ndi s(s+1)² tinatsala ndi s² yopanda mnzake. Kuphimba (s+1) kamodzi kokha n'kuika s = −1 kunatipatsa kugawa ndi ziro.

Muzu ukabwera kawiri, umafuna tizigawo tiwiri:

F(s) = A/s + B/(s+1)² + C/(s+1)

A ndi wosavuta. Phimbani s, ikani s = 0, mupeza A = 3. Kwa B, chulukitsani F(s) ndi (s+1)² yonse, mutsale ndi G(s) = (s+3)/s, ndipo pa s = −1 mupeza B = −2.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa C. Musaike s = −1 msanga. Yambani mwatenga derivativu ya G(s), yomwe ndi −3/s², kenako muike s = −1. Choncho C = −3. Njirayi imagwira chifukwa G(s) = B + C(s+1) + zina zokhala ndi (s+1)², ndiye derivativu imachotsa B n'kusiya C. Muzu ukabwera katatu, derivativu yachiwiri muigawe ndi 2.

Mukabweza kachigawo kalikonse kuchoka ku s kupita ku t, mupeza f(t) = 3 − 2t·e^(−t) − 3e^(−t)

Yesani pa t = 0: mupeza 0, mogwirizana ndi sF(s) pamene s ikukula kwambiri. Mukaiwala C mumapeza 3, ndipo pomwepo mudziwe kuti palakwika.